Achemwali, Musanamate Phukusilo

Nkhani yathu ya lero ndi yankho kwa munthu mmodzi, achemwali anga aakulu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Mangalande. Ndinawapempha kuti ndiwayankhire pawailesi pano ndipo anavomera, chifukwa funso lawo likuvutitsanso anthu ambiri amene ali ku Joni, ku Ulaya ndi ku Amereka koma makolo awo ali kumudzi.

Achemwali, mwamva kuti amayi afooka masiku ano. Akungokhalira kugona, kumunda anasiya, ndipo mawondo akuwawawa. Inu muli kutali ndipo mtima sukukhala m'malo. Tsono mwalowa m'sitolo yogulitsa mankhwala azitsamba n'kugula zinthu zitatu: botolo la toniki wowonjezera magazi la mamililita 500, tiyi wazitsamba amene akuti amabwezeretsa mphamvu, ndi kabotolo ka madontho othandiza kugona ndi kuchotsa nkhawa. Mnzanu wina wakutchalitchi wakuwonjezerani kajumbo ka ufa wa nyamakazi, wati apongozi ake unawathandiza kwambiri. Mwandifunsa mafunso awiri: kodi a kasitomu azilola, nanga ndilembe chiyani pa fomu? Ndiyankha zimenezo, koma pali funso lachitatu limene simunafunse, ndipo ndi limene landisowetsa tulo. Amayi amamwa mapilitsi a kuthamanga kwa magazi m'mawa uliwonse. Kodi zinthu zinayizi zikakumana ndi mapilitsiwo m'thupi mwawo chichitike n'chiyani?

Tiyambe ndi ulendo wa phukusi, popeza ndi umene mwafunsa. Vuto loyamba silili ku Malawi kuno, lili pa kauntala ya positi ofesi komweko. Phukusi lopita kunja limakwera ndege, ndipo ndege ili ndi malamulo ake pa zinthu zoyaka moto. Madontho azitsamba ambiri amapangidwa ponyika masamba kapena mizu mu mowa waukali. Pa chithunzi chimene munanditumizira, kabotolo kanu kalembedwa kuti mowa ndi maperesenti 45. A Royal Mail salola chakumwa chokhala ndi mowa wopitirira maperesenti 24 kupita kunja kwa dziko. Kabotoloko n'kakang'ono, inde, koma kakaoneka pa makina ounikira katundu kakhoza kuimitsa phukusi lonse, ndipo ndalama ya masitampa sabweza.

Kenaka pali fomu ya kasitomu imene imamatidwa kunja kwa phukusi. Katundu wa mtengo wosapitirira mapaundi 270 amalembedwa pa kafomu kakang'ono kotchedwa CN22, ndipo wopitirira pamenepo amalembedwa pa CN23. Apa ndi pamene anthu ambiri amadzikola okha. Amangolemba kuti mphatso, kapena zakudya, poganiza kuti akatchula mankhwala adzutsa mavu. Musatero, achemwali. Mawu akuti mphatso amangonena chifukwa chimene mukutumizira, sanena chimene chili m'katimo. Lembani chinthu chilichonse pachokha: dzina lake, kuchuluka kwake, kulemera kwake ndi mtengo umene munagulira, ndipo risiti muiike m'kati. Ofisala akatsegula phukusi lolembedwa kuti zakudya n'kupezamo mabotolo a mankhwala, nkhani imasintha. Salinso kufunsa za msonkho, akufunsa chifukwa chimene mwabisira, ndipo amene akuyankha mafunsowo si inu muli ku Mangalande. Ndi m'bale wanu amene dzina lake lili pa phukusi, amene waima pa windo ndi chitupa chake m'manja.

Likafika kuno, phukusi lochokera kunja limadutsa m'manja mwa a Malawi Revenue Authority, a MRA, lisanaperekedwe kwa mwini wake. Ali ndi mphamvu yolitsegula. Kulemba kuti ndi mphatso sikutanthauza kuti msonkho palibe. Ndiponso msonkho sawerengera pa mtengo wa katundu wokha, amaphatikizapo ndalama yotumizira. Ngati munagula zinthu za mapaundi 40 n'kulipira mapaundi 25 ku positi, iwo amayambira pa 65, n'kuwasintha kukhala makwacha. Wolandira ayenera kupita ali ndi ndalama m'thumba, ndipo ngati akuchokera kumudzi muwerengerenso thiransipoti ya ulendo umene ungathe kukhala wa kawiri.

Koma a MRA sagwira okha. Katundu wina amamusunga mpaka bungwe loyang'anira katunduyo livomereze. Pa mankhwala, bungwelo ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA mwachidule, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kulowa m'malo mwa bodi yakale ya mankhwala ndi ziphe. Iwo ndi amene amapereka chilolezo cholowetsa mankhwala m'dziko, ndipo kukhala azitsamba sikuwachotsa pansi pa diso lawo, makamaka ngati pabotolo palembedwa kuti amachiza matenda akutiakuti. Kuchuluka kwa katundu kumalankhulanso. Botolo limodzi lomatidwa bwino, lokhala ndi dzina la kampani ndi tsiku lothera ntchito, limaoneka kuti ndi la munthu mmodzi. Mabotolo khumi ndi awiri ofanana amaoneka ngati malonda, ngakhale inu mutalumbira kuti ndi a amayi chaka chonse. Njira yoongoka ndi yakuti wolandira afunse ku PMRA phukusi lisananyamuke, atchule dzina la mankhwala ndi kuchuluka kwake, amve ngati pakufunika chilolezo kapena kalata ya dokotala.

Mizu, makungwa, njere ndi masamba ouma osapangidwa kufakitale zili ndi chipata chinanso. Zimenezo ndi zomera, ndipo zomera zimatha kubweretsa tizilombo ndi matenda a mbewu. N'chifukwa chake zimafuna chilolezo cha ku Unduna wa Zamalimidwe ndi chikalata chochokera kudziko kumene zachoka chotsimikiza kuti zilibe matenda. Kajumbo ka ufa kaja kalibe dzina, kalibe kampani, kalibe mndandanda wa zimene zilimo. Mudziike m'malo mwa ofisala amene watsegula phukusi n'kupeza ufa wotuwa m'pulasitiki. Aulemba kuti chiyani m'buku lake? Ndiwonjezerepo kamodzi kwa amene mumakonda kutumiza mafuta a chamba amene adzaza m'masitolo a ku Ulaya: lamulo lathu la 2020 linalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa anthu okhala ndi malaisensi okha. Musaike m'bale wanu m'mavuto ndi kabotolo kamafuta.

Kwa abale athu a ku Joni, ndikudziwa kuti inu positi simuidalira, mumapatsira adiraivala a mabasi ndi amathiraki. Malamulo ake ndi omwewo pa Mwanza ndi pa Dedza. Kusiyana kwake n'kwakuti katundu akagwidwa kapena akasowa mulibe pepala loti muonetse, ndipo botolo limayenda masiku angapo m'chipinda chotentha cha pansi pa basi.

Tsono tiyerekeze kuti zonse zayenda bwino, msonkho walipidwa, phukusi lafika pakhomo. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, achemwali. Chidindo cha kasitomu chimanena kuti katundu walowa mwalamulo. Ofisala uja sanaone buku la kuchipatala la amayi, ndipo si ntchito yake kutero.

Tiyi uja ndi amene wandiopsa kuposa zonse, ngakhale akuoneka wofatsa. Pa mndandanda wa zimene zilimo, chachiwiri ndi muzu wa likorisi, umene pa mapaketi ena amaulemba ndi dzina lake la sayansi, Glycyrrhiza. Ndi muzu wotsekemera, ndipo amauika mu tiyi wambiri wazitsamba kuti azikoma popanda shuga. Mu muzuwu muli chinthu chimene chimasokoneza ntchito ya impso. Impso zimayamba kusunga mchere ndi madzi m'thupi, kwinaku zikutaya mu mkodzo mchere wina wofunika wotchedwa potaziyamu. Madzi akachuluka m'mitsempha, kuthamanga kwa magazi kumakwera. Potaziyamu akachepa, minofu imalefuka ndipo mtima umayamba kugunda modumphadumpha.

Taonani tsopano buku la amayi. Piritsi limene amamwa m'mawa ndi haidirokolorothayazaidi, lija anthu amangoti piritsi lokodzetsa, limene zipatala zathu zimapereka kwa anthu ambiri a kuthamanga kwa magazi. Piritsi limeneli nalo limataya potaziyamu. Palokha, pa mlingo umene adokotala anawalembera, thupi limapirira. Mukawonjezerapo makapu atatu kapena anayi a tiyi wa likorisi tsiku ndi tsiku, mwatsegula mipopi iwiri pa mgolo umodzi. Sizichitika tsiku loyamba. Pakapita sabata ziwiri kapena zitatu mapazi amayamba kutupa, mutu kuwawa, miyendo kukokana usiku, manja kulephera kunyamula ndowa. Choipa kwambiri n'chakuti chizindikiro chachikulu ndi kufooka, chinthu chomwecho chimene munagulira tiyiyo. Amayi akaona kuti akufookerafookera adzati mankhwala achepa, awonjezere kapu ina. Akapita ku sikelo yawo ya mwezi, a chipatala adzapeza magazi akwera n'kuwonjezera mapilitsi, osadziwa za tiyi, chifukwa ndani amauza adokotala kuti ndikumwa tiyi? Akatswiri a zakudya a ku Ulaya anaika malire a mamiligalamu 100 patsiku a chinthu chotsekemeracho kwa munthu wamba, ndipo ananena kuti kwa odwala kuthamanga kwa magazi ngakhale mlingo wochepera pamenepo ukhoza kuvuta. Tiyi ameneyu asabwere. Mumwe nokha ngati magazi anu ali bwino, ndipo musachulutse.

Madontho aja, ngakhale akanatha kukwera ndege, ndikanawakanabe. Chomera chake ndi chimene kumeneko amachitcha St John's wort, pa mabotolo ena Hypericum. Chimafulumizitsa chiwindi kuti chiziphwanya mankhwala ena msanga, motero mankhwalawo amatha m'magazi asanagwire ntchito. Chimafooketsa mapilitsi olera ndi kachipangizo kolera koika pamkono, chimafooketsa mankhwala oletsa magazi kuundana, mapilitsi ena a kuthamanga kwa magazi, komanso ma ARV. Mwina mukuti, amayi samwa ma ARV. Zoona. Koma mukudziwa mmene timakhalira kumudzi. Mankhwala ochokera ku Mangalande sakhala a munthu mmodzi. Adzamwako mlamu amene akusowa tulo, adzamwako mdzukulu, adzapungulirako anzawo a kumpingo. Ndipo si aliyense amene amaulula kwa abale kuti ali pa mankhwala otalikitsa moyo. Munthu akhoza kumamwa ma ARV ake mokhulupirika, osadumphitsa tsiku, koma kachilombo n'kumachulukana chifukwa cha madontho amene anapatsidwa mwachikondi.

Toniki wowonjezera magazi ndiye ali ndi maziko pang'ono, ndipo sindimunyoza. Muli ayironi, ndipo ayironi amathandizadi munthu amene magazi ake achepa chifukwa chosowa ayironi. Koma tiwerenge limodzi zimene zalembedwa pabotolopo. Akuti mamililita 10 kawiri patsiku, ndipo mamililita 10 aliwonse ali ndi mamiligalamu 7.5 a ayironi. Ndiye kuti patsiku ndi mamiligalamu 15, ndipo botolo lonse litha m'masiku 25. Piritsi limodzi la ayironi la mamiligalamu 200, lija amapereka ku sikelo ya amayi oyembekezera, limakhala ndi ayironi weniweni pafupifupi mamiligalamu 65. Munthu woperewera magazi amafunika kumwa ayironi miyezi ingapo. Botolo lanu lagalasi, lolemera pafupifupi kilo, liwoloka nyanja kudzapereka zochepa kuposa zimene zili pachipatala chaching'ono cha kwathu.

Werenganinso timalemba ta m'munsi. Akuti botolo likatsegulidwa lisungidwe mu filiji ndipo lithe pasanathe sabata zinayi, chifukwa muli madzi a zipatso ndipo mulibe mankhwala oletsa kuwonongeka. Kwa amayi kulibe filiji. M'mwezi wa Okutobala, botolo lotere likakhala pa shelefu limayamba kuwira. Mudzalidziwa ndi chitsekerero chofufuma, kaphokoso ka mpweya potsegula, thovu pamwamba ndi fungo losasa. Zikatero n'zotaya, koma mukuwadziwa amayi, sangataye chinthu chimene mwana wawo watumiza kuchokera kutali.

Ayironi naye ali ndi nkhani ndi ma ARV. Kuyambira 2019 anthu ambiri m'Malawi muno akumwa piritsi lokhala ndi dolutegiraviya. Mankhwala amenewa akakumana m'mimba ndi ayironi, kashiyamu kapena maginiziyamu amagwirana nawo, ndipo ambiri amangodutsa osalowa m'magazi. Malangizo ake ndi akuti munthu amwe piritsi la ARV maola awiri asanamwe ayironi, kapena adikire maola asanu ndi limodzi atamwa ayironi. Omvera amene muli pa mankhwalawa, mukagula toniki aliyense wa magazi kapena mankhwala a chilungulira, kafunseni kaye kumene mumalandirira mankhwala. Ndipo kulikonse kumene kuli ayironi, wamadzi kapena wamapilitsi, akhale patali ndi ana, chifukwa mwana wamng'ono akamwa wambiri ndi poizoni.

Tibwerere ku kajumbo ka ufa. Sindikukayika mtima wa mnzanuyo, ndipo ndikukhulupirira kuti apongozi ake anapezadi bwino. Kupeza bwino msangako ndi kumene kukundikayikitsa. Zitsamba zenizeni sizichotsa ululu wa mawondo wa zaka khumi m'masiku awiri. Chimene chimatero ndi masiteroyidi, mankhwala amphamvu a kuchipatala amene ogulitsa ena osaona mtima amasakaniza mu ufa ndi m'mafuta azitsamba osanena. Mu 1999 madokotala a ku London anayeza mafuta odzola khumi ndi amodzi amene odwala khungu anapatsidwa ngati azitsamba, ndipo asanu ndi atatu anapezeka ndi siteroyidi wotchedwa dekisametazoni. Munthu amene akumwa masiteroyidi osadziwa amamva bwino poyamba, amadya kwambiri, nkhope imayamba kuzungulira, ndipo achibale amayamikira kuti wanenepa. Pansi pake shuga akukwera, magazi akukwera, mafupa akufewa, zilonda zikuchedwa kupola. Akamwa kwa sabata zingapo n'kusiya mwadzidzidzi, ufa utatha, akhoza kudwala mwakayakaya chifukwa thupi linasiya kupanga lokha zimene ufawo umapereka. Choncho amene mwakhala mukumwa ufa wotere ndipo mukuona zizindikirozi, musangosiya lero. Utengeni, mupite nawo kuchipatala.

Ngozi ina ya ufa ndi yakuti chomera chikaperedwa palibe angachizindikire ndi maso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ku Brussels m'dziko la Belgium, kiliniki ina yochepetsa thupi inkapereka mapilitsi okhala ndi zitsamba za ku China. Muzu umodzi unasinthanitsidwa ndi wa chomera china chotchedwa Aristolochia. Amayi oposa 100 anawonongeka impso, ambiri mpaka kumadalira makina osefa magazi kapena kuikidwa impso ina, ndipo ena anadzapezeka ndi khansa ya njira ya mkodzo. Izi zinachitika pakati pa Ulaya, m'manja mwa madokotala. Kuno kwathu makina osefa magazi m'zipatala za boma mumawapeza ku Kamuzu Central ndi ku Queens, ndipo mzere wake ndi wautali. Ufa wopanda dzina usalowe m'phukusi.

Sindikunena kuti chilichonse chazitsamba cha kunja n'choipa. Ngati tsiku lina mudzafuna kugula, ku Mangalande yang'anani chizindikiro cha zilembo zitatu, THR, ndi nambala yake pa bokosi. Chimasonyeza kuti bungwe la boma loona za mankhwala kumeneko laona kapangidwe kake, kuti zimene zalembedwa ndi zimene zilimo, ndipo m'bokosimo mumakhala pepala lonena amene sayenera kumwa. Sichitanthauza kuti mankhwalawo anayesedwa n'kupezeka kuti amachiza, chimangotengera kuti anthu akhala akuwagwiritsa ntchito zaka zambiri. Ku Joni, mabotolo ambiri otere amalembedwa poyera kuti bungwe la SAHPRA silinawaunike. Muziwerenga mzere umenewo. Ndipo botolo lolonjeza kuchiza shuga, khansa, kusabereka ndi Edzi nthawi imodzi, libwezereni pa shelefu.

Nanga amayi tiwatani? Kufooka kwa munthu wa zaka pafupifupi 70 kuli ndi chifukwa, ndipo chifukwacho chimapezeka poyeza. Akayezedwe kuchuluka kwa magazi, shuga, malungo ndi kuthamanga kwa magazi. Ngati n'kotheka pachipatala chachikulu cha pa boma, awaonenso impso ndi potaziyamu, popeza piritsi lawo lomwelo likhoza kukhala likuwafooketsa ndipo adokotala angathe kulisintha. Magazi akapezeka ochepa, funso lotsatira ndi lakuti akupita kuti. Mayi amene anasiya kusamba kalekale sayenera kuperewera magazi popanda chifukwa. Zikhoza kukhala njoka zam'mimba, zilonda zam'mimba zobwera ndi mapilitsi a ululu amene amagula pa golosale chifukwa cha mawondo aja, kapena chotupa chimene chikutaya magazi pang'onopang'ono. Toniki akhoza kuwadzutsa kwa mwezi umodzi n'kutichedwetsa kupeza chenichenicho.

Choncho, achemwali, tiyi, madontho ndi ufa zitsale komweko. Toniki mudikire naye mpaka zotsatira za magazi zituluke, ndipo ndikuganiza kuti sadzafunika. Mapaundi 25 amene mukanapereka ku positi muwatumize pa foni, alipire galimoto yopita nawo kuchipatala ndi munthu wowaperekeza, otsalawo agulire usipa, mazira, nyemba ndi nyama pang'ono. Kwa omvera ena onse amene muli ndi phukusi lotere pa tebulo, jambulani botolo mbali zonse, makamaka pamene palembedwa zimene zilimo, mutumize chithunzicho kwa m'bale wa kuno. Iye apite nacho kwa dokotala kapena ku famase pamodzi ndi buku la kuchipatala la wodwalayo, ndipo musalipire masitampa musanamve yankho lake.